KODI UCHI WONSE UPITE KWA WOGULA MMODZI?

Phunziro la achikumbi amene amakonza ndi kugulitsa uchi

Achikumbi ambiri a m'dera la Mfumu Ngokwe, kufupi ndi nyanja ya Chiuta m'boma la Machinga, amadziwa bwino vuto la msika. Matauni ali kutali, ndipo nthawi ya dzinja misewu yopita ku Ntaja ndi ku Liwonde imavuta. Choncho munthu amene amagula malesa kwa oweta njuchi, nawafinya, nasefa uchi wake, amakondwa kwambiri akamva wogula wamkulu akunena kuti: "Uchi wanu wonse wa chaka chino ndidzagula ine, ndipo mtengo tipangane lero lomwe."

Mawu amenewa ndi okoma, koma asanavomere, wokonza uchi ayenera kukhala pansi ndi pensulo. M'phunziro lino tiona masamu amene ayenera kuchita, ndi mfundo zimene ayenera kupempha kuti zilembedwe m'pangano. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

MTENGO WOKHAZIKIKA SI WACHILENDO

Achikumbi achikulire akukumbukira kuti bungwe la ADMARC, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1971, linkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo umodzi wolengezedwa ndi Boma, kufikira m'chaka cha 1987 pamene amalonda ena analoledwa kugula nawo. Amene munagwirapo utenanti pa esiteti mukudziwanso za kugulitsa fodya yense kwa mwini munda mmodzi. Ubwino wake mumaudziwa: munthu sagona akudandaula za kumene akagulitse. Kuipa kwake mumakudziwanso: wogula akakhala mmodzi, sikelo ndi yake, magiredi ndi ake, ndipo tsiku lolipira amasankha yekha.

Koma wokonza uchi ali ndi vuto lina limene mlimi wa chimanga alibe. Iye ali pakati. Mbali imodzi amagulitsa, mbali ina amagula. Akamanga mtengo wogulitsira kwa chaka chathunthu, mtengo wogulira malesa sunamangidwe ayi. Oweta njuchi sanasayine pangano lililonse, ndipo mavenda akabwera ndi ndalama zambiri, malesa amapita kwa mavendawo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

YAMBANI NDI MTENGO WA KILOGALAMU IMODZI

Tiyerekeze kuti pali mayi wina kwa Ngokwe amene amakonza makilogalamu 600 a uchi pa chaka, theka m'miyezi yozizira itatha mvula, theka lina chakumapeto kwa chaka. Mitengo imene tilembe pano ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Inu muikepo mitengo ya kwanu ndi ya chaka chanu.

Mayiyu amagula malesa pa K2,800 pa kilogalamu. Koma malesa si uchi wokhawokha, muli phula ndi zinyalala. Kawirikawiri makilogalamu 10 a malesa abwino amatulutsa pafupifupi makilogalamu 7 a uchi wosefa. Ndiye kuti makilogalamu 10 amene anagula pa K28,000 amupatsa makilogalamu 7 okha, ndipo kilogalamu iliyonse ya uchi wosefa yamudyera K4,000. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa. Amaiwala kuti zimene anayeza pogula si zimene adzayeze pogulitsa.

Pamwamba pa K4,000 tiwonjezepo K500 ya aganyu, nsalu zosefera, ndowa ndi kayendedwe ka m'midzi kokatenga malesa. Uchi uli m'ndowa pakhomo pake wamudyera K4,500 pa kilogalamu. Nambala imeneyi ailembe pamwamba pa tsamba, chifukwa masamu onse otsatira achokera pamenepa.

NJIRA ZITATU

Njira yoyamba ndi yopereka uchi wonse kwa wogula mmodzi. Wogulayo akuti adzalipira K6,000 pa kilogalamu, uchi uli m'ndowa, koma mayiyo aufikitse yekha ku Liwonde. Galimoto idya K200 pa kilogalamu. Zonse zimene walowetsa zakwana K4,700, ndipo phindu ndi K1,300 pa kilogalamu. Pa makilogalamu 600, phindu la chaka ndi K780,000.

Njira yachiwiri ndi yokana panganolo ndi kugulitsa yekha m'mabotolo a theka la kilogalamu pa K4,500 botolo limodzi. Ndiye kuti kilogalamu ikupita pa K9,000. Poyerekeza ndi K6,000, munthu angaganize kuti wogula uja amafuna kumubera. Koma tiyeni tichotsere. Botolo, chitsekerero ndi pepala lomata zidya K700, ndiye K1,400 pa kilogalamu. Maulendo a ku msika, chiphaso cha msika ndi chakudya cha panjira zidya K800. Mabotolo osweka ndi ngongole zosabwezedwa tiziike pa K450. Tikawonjeza pa K4,500 ija, zonse zakwana K7,150. Phindu latsala K1,850 pa kilogalamu.

Phindu limeneli ndi lalikulu kuposa la njira yoyamba, koma pali malire. Mayiyo akayang'ana m'buku lake la chaka chatha, apeza kuti m'misika imene amafikako amagulitsa mabotolo 50 okha pa mwezi. Amenewo ndi makilogalamu 25 pa mwezi, kapena 300 pa chaka, ndipo phindu lake ndi K555,000. Makilogalamu 300 otsalawo adzawagulitsa kwa mavenda pakhomo pa K5,000, ndi phindu la K500 lokha pa kilogalamu, lomwe ndi K150,000. Zonse pamodzi ndi K705,000. Taonani tsono: ngakhale mtengo wa botolo ndi wokwera, njira yachiwiri yagonja kwa yoyamba. Wogula mmodzi uja sanali wakuba ayi.

Njira yachitatu ndi yogawa pakati. Mayiyo apangane ndi wogula wamkulu za makilogalamu 300 okha, amene iye sangathe kugulitsa m'mabotolo, ndipo enawo apitirize kugulitsa yekha. Mwina wogulayo adzatsitsa mtengo kufika pa K5,800 chifukwa sakulandira wonse. Ngakhale zili choncho, phindu ndi K1,100 pa kilogalamu, lomwe ndi K330,000. Tikaphatikiza ndi K555,000 ya mabotolo, chaka chabweretsa K885,000. Njira imeneyi yaposa zinzake ziwiri.

Phunziro lake ndi ili: musafanizire mtengo ndi mtengo. Fanizirani ndalama zotsala m'manja pa chaka chonse, ndipo muwerenge uchi wokhawo umene mungathe kugulitsadi.

MITENGO IKAKWERA PAKATI PA CHAKA

Masamu a pamwambawa aganiza kuti mitengo idzakhala pomwepo chaka chonse. Kuno kwathu zimenezo sizichitika kawirikawiri. M'mwezi wa Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100. M'mwezi wa Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100, ndipo dola imodzi ya ku Amereka inachoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inakwera ndi kupitirira 30 pa 100. Chimanga chikakwera, woweta njuchi naye amakweza malesa ake, pakuti amagulitsa uchi kuti agule chakudya.

Tiyerekeze tsono kuti zonse zimene mayi uja amagula zakwera ndi 30 pa 100. Malesa achoka pa K2,800 kufika pa K3,640, ndiye kuti uchi wosefa wafika pa K5,200. Zogwirira ntchito zafika pa K650 ndipo galimoto pa K260. Zonse pamodzi ndi K6,110. Koma pangano likunenabe K6,000. Kilogalamu iliyonse imene apereka akutaya K110, ndipo ngati chaka chonse chitero, wataya K66,000 pamwamba pa thukuta lake. Wogula sanaphwanye lamulo lililonse. Iye akungotsata zimene zinalembedwa, pamene uchi womwewo akuugulitsa m'tauni pa mtengo watsopano.

Pa njira yachitatu zinthu zikusiyana. Makilogalamu 300 a pangano akutayitsa K310 iliyonse, yomwe ndi K93,000. Koma mabotolo ali m'manja mwa mayiyo. Ngakhale atakweza pang'ono chabe, kuchoka pa K4,500 kufika pa K5,400, phindu likhala K1,505 pa kilogalamu atachotsa zonse zimene zakwera, ndipo pa makilogalamu 300 ndi K451,500. Akachotsa zimene wataya, atsala ndi K358,500. Chaka chamupweteka, koma mpamba wake sunathe.

Pali kayesedwe kapafupi kamene aliyense angachite asanasayine. Tengani phindu la kilogalamu imodzi, muligawe ndi ndalama zimene mwalowetsa pa kilogalamuyo. Kwa mayi uja ndi K1,300 kugawa ndi K4,700, zomwe zikupereka pafupifupi 28 pa 100. Tanthauzo lake ndi lakuti mitengo ikakwera ndi 28 pa 100, phindu lonse latha. Kenaka dzifunseni: kodi m'miyezi imene panganoli lidzakhale likugwira ntchito, mitengo ingakwere kufika pamenepo? Ngati yankho ndi inde, panganolo ndi lalitali kwambiri.

Munthu amene ali ndi ming'oma yakeyake yambiri vutoli silimukhudza kwambiri, chifukwa sagula malesa. Amene amagula malesa onse kwa ena ndiye ayenera kuchenjera koposa.

Tisaiwale kuti mtengo wokhazikika uli ndi tsiku lake lothandiza. Chaka chimene maluwa achita bwino ndipo uchi wadzaza m'misika, mavenda amatsitsa mtengo, koma wa pangano amalandira zimene anapangana. Pa chifukwa chimenechi sitikunena kuti mukane pangano lililonse. Tikunena kuti nthawi yake ikhale yaifupi, ya kholola limodzi, kuti pofika kholola lina mukambiranenso.

TSIKU LOLIPIRA

Mtengo wabwino wolipidwa mochedwa ungathe kukhala woipa kuposa mtengo wotsika wolipidwa pompopompo. Oweta njuchi amafuna ndalama pamanja. Kuti mayi uja apeze makilogalamu 300 a uchi pa kholola limodzi, ayenera kutulutsa K1,200,000 yogulira malesa m'masabata ochepa. Tiyerekeze kuti ndalamazo wakongola ku banki m'khonde pa chiwongoladzanja cha 10 pa 100 pa mwezi. Mwezi uliwonse ngongoleyo ikubala K120,000. Wogula akati adzalipira patapita masiku 60, chiwongoladzanja chafika K240,000. Phindu la kholola limenelo pa njira yoyamba linali K390,000, ndiye latsala K150,000 yokha.

Ngati wogulayo ndi yekhayo amene muli naye, akachedwetsa ndalama mulibe kolowera. Uchi wapita, ndowa zapita, ndipo amene ankagula mabotolo anu anazolowera kale kugula kwa ena. Msika wa mabotolo umamangidwa pang'onopang'ono, koma umatayika m'chaka chimodzi. Ichi ndi chifukwa china chosungira gawo lina la uchi, ngakhale laling'ono, kuti dzina lanu lisaiwalike pa msika.

MADZI A MU UCHI NDI SIKELO

Mikangano yambiri ya wogula ndi wogulitsa uchi imayambira pa madzi. Muyezo umene mayiko ambiri amatsata umanena kuti madzi a mu uchi asapitirire 20 pa 100. Uchi wa madzi ambiri umasasa ngati mowa. Mudzaudziwa ndi thovu pamwamba, fungo lowawasa, ndi chitsekerero chotukuka. Vutoli limachokera pa malesa ofulidwa njuchi zisanawamate. Pogula, landirani malesa okhawo amene mbali yaikulu ndi yomatidwa ndi phula, ndipo a ana a njuchi kapena a mungu muwaike padera. Samalani kwambiri ndi uchi wa kumapeto kwa chaka, mvula itayamba, chifukwa uchi umakoka chinyezi cha mumpweya ndowa ikakhala yosatseka. Musauwiritse pamoto pofuna kuchotsa madzi. Umada, umanunkha utsi, ndipo wogula wodziwa adzaukana.

Ogula akuluakulu amayeza madzi ndi kachipangizo kam'manja kotchedwa rifulakitomita, kamene amadonthezapo uchi pang'ono. Pemphani kuti kuyezako kuchitike inu muli pomwepo, ndowa iliyonse payokha, ndipo zotsatira zilembedwe pa lisiti. Uchi ukayezedwa ku fakitale inu muli kumudzi, simungatsutse mukauzidwa kuti theka lakanidwa. Ngati kalabu yanu ingathe, igule kachipangizo kake kuti muziyeza musananyamuke.

Uchi ukagwirana nukhala ngati mchenga wa shuga, sunawonongeke. Umenewo ndi khalidwe la uchi weniweni wa maluwa ena, ndipo pangano linene poyera kuti chimenecho si chifukwa chotsitsira mtengo.

Pa sikelo kumbukirani kuti uchi ndi wolemera kuposa madzi. Lita imodzi imalemera pafupifupi kilogalamu 1.4, choncho ndowa ya malita 20 yodzaza imakhala ndi makilogalamu pafupifupi 28. Wogula akamawerenga ndowa yotere ngati makilogalamu 20, mwataya makilogalamu 8 pa ndowa iliyonse. Gulitsani pa kilogalamu, yezani ndowa yopanda kanthu poyamba, ndipo mugwirizane ngati ndowazo zidzabwezedwa.

MAWU AKUTI "WONSE"

Mawu amenewa ali ndi misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti pangano lingakumangeni inu kuti musagulitse kwina, koma osamumanga wogulayo kuti agule. Likati "adzagula monga mwa kufuna kwake", inu mwamangidwa koma iye ali womasuka. Pangano labwino limatchula makilogalamu amene iye ayenera kutenga ndi tsiku lowatengera, ndipo limanena kuti tsikulo likadutsa muli ndi ufulu wogulitsa kwa wina.

Msampha wachiwiri ndi wolonjeza zambiri. Uchi sukhala wofanana chaka ndi chaka. Njuchi zimathawa m'ming'oma chifukwa cha linthumbu, chiuli kapena moto wa m'tchire. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 ndi ng'amba ya 2024 zinasonyeza mmene chaka chingasinthire m'chigawo cha kumwera. Yang'anani m'buku lanu zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, mupeze chaka chimene munakonza uchi wochepa koposa, ndipo musalonjeze kupitirira pamenepo. Wolonjeza 600 napeza 350 adzakakamizika kugula uchi wodula kwa ena kuti akwaniritse, ndipo ndi m'menemo mmene umalowera uchi wothiridwa madzi a shuga umene ungaipitse dzina lake.

Onetsetsaninso kuti phula silinalowe m'mawu akuti "wonse". Phula losungunula bwino lili ndi msika wakewake kwa opanga makandulo, polishi ndi mafuta odzola, ndipo silionongeka msanga.

NTHAWI IMENE KUPEREKA WONSE KULI KWANZERU

Zilipo nthawi zimene wogula mmodzi ndiye njira yabwino. Masitolo akuluakulu amafuna uchi wa m'mabotolo wovomerezedwa ndi bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, ndipo kupeza chivomerezocho kumafuna nyumba yokonzeramo yaukhondo ndi ndalama. Wongoyamba kumene, amene alibe zimenezi ndipo msika wake wa mabotolo ndi wochepa, angapindule popereka uchi wake wonse m'ndowa kwa chaka chimodzi kapena ziwiri pamene akusonkhanitsa mpamba.

Chinanso choyang'ana ndi chimene wogulayo akubweretsa kupatula mtengo. Bungwe la African Parks, limene linayamba kuyendetsa nkhalango ya Liwonde m'chaka cha 2015, linalimbikitsa ulimi wa njuchi m'midzi yozungulira nkhalangoyo kudzera m'ntchito yotchedwa Honey with Heart. Ku Zambia, m'chigawo cha kum'mawa, kampani ya COMACO inamanga malonda ake pa kugula uchi ndi mbewu kwa alimi amene alonjeza kusamala nkhalango ndi nyama, niziwagulitsa pa dzina la It's Wild. M'makonzedwe otere mlimi amalandiranso maphunziro ndi zipangizo monga ming'oma, osati msika wokha. Wogula amene akufuna uchi wanu wonse afunsidwe chimodzimodzi: kodi apereka ndowa, galimoto, kapena ndalama zoyambira zogulira malesa? Ngati sapereka kanthu, alibe chifukwa chokuletserani kugulitsa kwina.

Kumbukiraninso kuti uchi si matimati. Uchi wokhwima, wosefedwa bwino ndi wotsekedwa m'ndowa yoyera pamalo ozizira, umakhala miyezi yambiri osawonongeka. Wogulitsa uchi sayenera kuthamanga ngati wogulitsa ndiwo zamasamba. Chimene chimamuthamangitsa ndi ngongole yokha.

ZOLEMBA M'PANGANO

Mukaganiza zovomera, onetsetsani kuti mfundo izi zalembedwa m'chilankhulo chimene mukumva, ndipo mbali iliyonse isunge pepala lake.

1. Makilogalamu enieni amene mudzapereke ndi amene wogula ayenera kutenga.

2. Mtengo wa kilogalamu, ndi tsiku limene mtengowo udzathe. Ngati wogula akufuna chaka chathunthu, palembedwe kuti kwacha ikatsitsidwa kapena malesa akakwera ndi 10 pa 100, mudzakambirananso.

3. Tsiku lolipira. Chabwino koposa ndi kulipira pa sikelo pomwepo. Zikakanika, theka lilipidwe pomwepo ndipo lotsala lisapitirire masabata awiri.

4. Malo operekera uchi ndi amene adzalipire galimoto.

5. Muyezo wa madzi, woyeza, ndi chimene chidzachitike ndi uchi wokanidwa. Uchi wokanidwa ubwerere kwa mwini wake.

6. Mboni ziwiri, monga mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango ndi mmodzi wa komiti ya kalabu.

Mayi wa m'chitsanzo chathu, atachita masamu onsewa, yankho lake kwa wogula liyenera kukhala lotere: "Bambo, makilogalamu 150 pa kholola lililonse ndikupatsani mosalephera. Mtengo tipangane wa kholola lino lokha, ndipo ndalama ndilandire tsiku loyeza." Wogula wofuna ubale wa zaka zambiri adzakhala pansi kuti akambirane. Amene adzanyamuka mokwiya chifukwa chofunsidwa tsiku lolipira wakuuzani kale mmene akanadzachitira.

MAFUNSO A PA MSONKHANO WA KALABU

1. Kodi makilogalamu 10 a malesa amene mumagula amakupatsani uchi wosefa wochuluka bwanji? Yezani pa kholola likubwerali, mulembe.

2. Kodi chaka chatha munagulitsa mabotolo angati pa mwezi, ndipo ndi angati amene anatengedwa pa ngongole osalipidwa?

3. Pa mtengo umene wogula wanu watchula, kodi malesa ayenera kukwera ndi ndalama zingati kuti phindu lanu lithe?